Mng'alu wa pakhoma: ndi pulasitala chabe kapena maziko akutitimira?

Mayi wina wa ku komboni ya Mchini ku Chipata anandiitana mu Okutobala kuti ndikaone khoma la pabalaza. Linali litang'ambikang'ambika ngati matope a m'dambo louma, ndipo iwo sankagona tulo poopa kuti nyumba iwagwera. Ndinayesa kulowetsa lezala m'ming'alu ija, osalowa. Nditagogoda ndi chogwirira cha sikuludiraiva, khoma linalira bwinobwino. Potuluka ndinazungulira kuseri kwa nyumba, monga ndimachitira nthawi zonse, ndipo kumeneko ndinapeza mng'alu umodzi wokha, wokwera ngati masitepe kulunjika pakona ya chipinda chogona.

"Amayi, nanga uwu unayamba liti?"

"Aa, umenewo ndi wakale, alangizi. M'kati tinaikapo wadiropu, sutivutitsa."

Ming'alu yambirimbiri imene inkawasowetsa tulo inalibe vuto. Umodzi umene anaubisa ndi wadiropu ndiwo unali matenda a nyumbayo.

Chilichonse chokhala ndi simenti chimafota pang'ono madzi akamachokamo. Pulasitala akafuna kufota koma khoma lamugwira, amang'ambika timizere topyapyala ngati tsitsi, tolumikizana ngati ukonde. Timeneti timaoneka pakangopita masiku kapena masabata ochepa chipakireni, ndipo timaonekera kwambiri khoma likanyowa n'kuyamba kuuma. Mukapala pang'ono ndi tchizulo mupeza kuti mng'alu wathera mu pulasitala momwemo, njerwa ya pansi ili yosakhudzidwa. Kuno kwathu zoyambitsa zake n'zodziwika. Amisiri ambiri amakonda mchenga wosalala wa m'dambo chifukwa umamata bwino pa tirawo, koma umakhala ndi dothi, umamwa madzi ambiri, ndiye umafotanso kwambiri. Ena amachulutsa simenti poganiza kuti akulimbitsa, chonsecho simenti ikachuluka ming'alu imachulukanso. Ndowa imodzi ya simenti ku ndowa zisanu za mchenga woyera imakwana. Kenako pali dzuwa la Seputembala ndi Okutobala. Pulasitala wopakidwa pakhoma louma masana, osathiriridwa madzi masiku otsatira, ang'ambika ndithu ngakhale mmisiri akhale katswiri.

Ming'alu yotereyi siikhudza mphamvu ya nyumba. Chofunika n'kugogoda basi. Pomwe pakulira ngati ng'oma, pulasitala walekana ndi khoma, gumulanipo n'kupakanso. Pomwe pali gwa, matanipo ndi filala, pentani, muiwale.

Pali kufota kwina kumene kumasokoneza anthu, chifukwa mng'alu wake umaboola khoma lonse n'kuonekera m'kati ndi kunja. Uku ndi kufota kwa mabuloko a simenti. Buloko imafunika kukhala masiku 28 chiumbireni isanapite pakhoma, koma ogulitsa m'mbali mwa msewu saidikira. Yaumbidwa Lolemba, Lachisanu ili kale pa lole. Ikamangidwa yaiwisi imakamalizira kufota ili pakhoma, ndipo khoma lalitali mamita 10 likhoza kufupika mamilimita atatu kapena anayi. Maziko ndi makona salola, ndiye khoma limaduka pomwe pali pofooka: pakati pa khoma lalitali, kapena kunsi kwa windo. Mipanda ya mabuloko imene timaiona m'makomboni yang'ambika choimirira, mng'alu uliwonse patali pofanana ndi unzake, nthawi zambiri nkhani yake ndi imeneyi. Anaimanga yaitali osasiya mpata wodula khoma pamamita 6 aliwonse.

Mng'alu wa kufota kwa mabuloko umaima chilili, kukula kwake kumafanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo mbali zake ziwiri zimakhala pamzere umodzi. Ikani rula modutsa mng'alu motsatira mzere wa mabuloko, muona kuti palibe mbali imene yatsika. Umathera pa silabu kapena pa pulasitiki yotchinga chinyezi, sulowa m'maziko. Pakatha chaka kapena ziwiri umaima. Dziwaninso kuti njerwa zowotcha sizifota chonchi. Ngati khoma la njerwa zowotcha lang'ambika mpaka mbali ina, musafulumire kunena kuti ndi kuuma chabe.

Mng'alu wa kutitimira ndi wina. Nyumba yonse ikatsika mofanana siing'ambika. Vuto limabwera mbali imodzi ikatsika kusiya inzake, khoma n'kupindika. Mng'alu wake umayenda chopingasa, motsata dothi kapena simenti ya pakati pa njerwa ngati masitepe, ndipo umakonda kuyambira pakona ya windo kapena ya chitseko. Mbali imodzi umakhala waukulu, kwinako n'kumachepa mpaka kutha. Mukafukula dothi m'mbali mwa nyumba muupeza ukupitirira kutsika m'maziko. Umabweranso ndi anzake: chitseko chimene chinkatsekeka bwino chimayamba kukhula pansi, galasi la windo limasweka lokha, simenti ya pansi imalekana ndi khoma, madzi okolopera amathamangira pakona imodzi.

Mng'alu umalozanso komwe kuli vuto. Wopingasa umakwera kulunjika mbali imene yatsika. Ukakhala waukulu pamwamba, kawirikawiri kona kapena mapeto a nyumba ndiwo akugwa. Ukakhala waukulu pansi, pakati pa khoma ndi pomwe pakumira. Imani kutali pang'ono, tsatani ndi maso komwe masitepe akukwerera, kenako pitani mukaone zimene zili pansi pamenepo. Nthawi zambiri mupezapo mpopi wodontha, sokawe, dzenje la chimbudzi chakale, pamene panali chulu, kapena mtengo wa mango kaya bulugamu umene uli pafupi kwambiri ndi khoma.

Komabe maso okha sangakuuzeni chinthu chachikulu kwambiri, choti kodi mng'aluwo ukuyendabe kapena unaima. Pamenepa ndi pomwe ndimakangana ndi eni nyumba, chifukwa aliyense amafuna kumata lero lomwe alendo asanaone. Mukamata mwafufuta umboni, ndipo mng'alu ubweranso pomwepo mvula ikagwa.

Kwa mayi aja tinachita chonchi. Ndinakhoma misomali iwiri ya konkire, uwu mbali iyi, uwu mbali inayo, chakumtunda kwa mng'alu, motalikirana mamilimita 100 ndendende. Iwiri ina ndinakhoma chakunsi. Pomwe mng'alu unathera ndinalembapo kamzere ka pensulo ndi tsiku. Mwana wawo wa giredi 9 ndinamupatsa ntchito yoyeza ndi rula yachitsulo tsiku loyamba la mwezi uliwonse, m'mawa, n'kulemba kuseri kwa kalendala. Tsiku limenelo mng'alu unali mamilimita 4 pamwamba, moti mitengo iwiri ya machesi inkalowa pamodzi, pomwe pansi pankangolowa lezala.

Mu Disembala misomali ya pamwamba inali pa 101. Mu Febuluwale 103, mu Epulo 104, ndipo mng'alu unali utadutsa kamzere kanga ka pensulo ndi njerwa ziwiri. Pofika Ogasiti unali pa 104 pomwepo, osabwerera. Ya pansi sinasunthe kwenikweni.

Kawerengedwe ka manambalawa n'kofunika, chifukwa madothi athu sachita mofanana. Dothi la makande, lakuda lija la m'madambo ndi ku chigwa cha Luangwa, limafufuma likanyowa n'kufota likauma. Nyumba ya pa makande mng'alu wake umapuma: umayasama chakumapeto kwa chilimwe, n'kutsekeka mvula ikakhazikika, chaka ndi chaka. Uwu wa ku Mchini sunkapuma. Unkakula m'dzinja, n'kuima m'chilimwe, osabweza ngakhale milimita imodzi. Zimenezi zimasonyeza dothi lofewa limene likuphwanyika likanyowa, ndipo likatsika latsikiratu.

Titakumba pakona ija tinapeza zidutswa za njerwa, phulusa ndi mapulasitiki. Apa ndiye mayi aja anakumbukira kuti pamenepo panali dzenje limene anatengamo dothi loumbira njerwa za nyumba yomweyo. Linasanduka dzala, kenako analikwirira, ndipo patapita zaka anawonjezera chipinda chogona, kona yake n'kukhala m'mphepete mwa dzenjelo. Pamwamba pake malata a mbali ziwiri ankathira madzi onse pakona yomweyo, popanda gatala. Kukumba dothi la njerwa papuloti pomwe tidzamangepo ndi chizolowezi chathu, ndipo mapuloti a m'tauni ndi aang'ono, choncho dzenje la lero limakhala pansi pa chipinda cha mawa.

Poyamba tinachotsa madzi. Anaika gatala ndi paipi yotaya madzi kutali, ndipo kuzungulira khoma anathira konkire yotambalala mita imodzi, yopendekera kunja. Maziko a pakona anafunika kuwonjezeredwa pansi mpaka kufika pa katondo wolimba. Ntchito imeneyi siyoti mmisiri aliyense angoiyamba. Imachitika m'chilimwe, moyang'aniridwa ndi injiniya, ndipo amakumba kagawo kosaposa mita imodzi, kuthira konkire, kudikira kuti ilimbe, kenako n'kudumpha kagawo kotsatira kupita kena. Wokumba mzere wonse kamodzi amagwetsa khoma limene amafuna kulipulumutsa. Mng'alu weniweniwo anaumata dzinja lina litadutsa, misomali itasonyeza kuti palibe chasuntha. Anagoba simenti ya pakati pa njerwa, mzere wachitatu uliwonse, theka la mita mbali iyi ndi theka la mita mbali inayo, n'kulowetsamo waya wolimbitsa khoma wa bulikifosi asanamate.

Pa kukula kwa mng'alu, muyezo umene ndimagwiritsa ntchito ndi uwu. Wosafika mamilimita 5 umene sukuyenda ndi wongomata. Kuyambira 5 mpaka 15, kunena kuti pensulo ikulowa, pezani munthu wodziwa adzaone maziko, musangodalira amene anamanga, pakuti iye adzanena kuti nyumba iliyonse imatero. Chala chikamalowa, kapena mukamaona kuwala kwa panja muli m'nyumba, pitani ku ofesi ya zomangamanga ku khonsolo kapena kwa injiniya sabata yomweyo. Pali zizindikiro zina zosadikira kalendala: mng'alu wokula pamasiku ochepa, khoma lophulika mimba kapena lopendekera kunja, ndi lintelo ya pamwamba pa chitseko kapena windo imene nsonga yake yatsala pang'ono kuchoka pomwe inakhala. Kuti muone kupendekera, mangirirani kamwala kuchingwe, chigwireni pamwamba pa khoma, muyeze mpata wa pakati pa chingwe ndi khoma pamwamba ndi pansi. Khoma likapezeka kuti lapendekera ndipo ndi lomwe lanyamula denga, chotsani mabedi m'chipindamo usiku womwewo ndipo muchirikize mitanda ya denga ndi mapolo kufikira wodziwa atabwera.