Mwafufuza khunyu, mwapeza china: muwauze makolo kapena ayi?

Malangizo awa ndi a anamwino ndi ofufuza amene amatenga magazi a anthu kuti akaunikidwe majini. Pa njira yotchedwa ekisomu, makina amawerenga mbali za DNA zimene zimapanga mapuloteni, m'majini pafupifupi 20,000 nthawi imodzi. Inu funso lanu limakhala limodzi, koma makina sasankha. Ndiye pena mumatulukira vuto limene simumalifuna n'komwe.

Tiyerekeze kuti mukufufuza chomwe chimayambitsa khunyu mwa ana, ndipo mwatenga magazi a mwana, mayi ndi bambo. Za khunyu simunapeze kanthu, koma mwanayo ndi mayi ake ali ndi kusintha m'jini ya RYR1 kodziwika kuti n'koopsa. Munthu wotere amakhala bwinobwino mpaka tsiku la opaleshoni. Akamugonetsa ndi halotheni kapena kumubaya sakisamethoniyamu, pena minofu imauma, mtima umathamanga, thupi limatentha modetsa nkhawa, ndipo akhoza kufera pomwepo. Mankhwala othetsa vutoli, dantirolini, ndi odula ndipo zipatala zambiri za m'maboma sizikhala nawo.

Ichi ndi choti muwauze, chifukwa kupewa kwake n'kotheka ngakhale pa chipatala chaching'ono. Wogonetsa odwala akadziwa, amagwiritsa ntchito ketamini kapena jakisoni wa pamsana. Lembani m'buku la kuchipatala la mwana ndi la mayi, ndipo afotokozereni kuti aziliwonetsa asanalowe m'chipinda cha opaleshoni, makamaka mayiyo akadzafunika kuchira ndi mpeni. Mwana aliyense wa mayiyu ali ndi mwayi wa theka wotengera jiniyi, choncho abale akhudzidwa. Koma kuuza achibale ndi udindo wa mayiyo mothandizidwa ndi inu. Musapite kumudzi n'kukalengeza.

Musanatsegule pakamwa, tsimikizani kaye. Labotale ya kafukufuku si ya chipatala. Mabotolo amasinthana, ndipo makina amalakwitsa pamalo pamene awerenga kangapo kochepa. Tengani magazi atsopano, muunikenso malo okhawo ndi njira ya Sanger ku labotale yovomerezeka kupereka zotsatira za odwala.

Kenako funsani ngati kusinthako n'koopsadi. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Nkhokwe za majini zinadzazidwa kwambiri ndi zotsatira za anthu ochokera ku Ulaya, pomwe anthu a mu Africa ndiwo ali ndi majini osiyanasiyana kuposa ena onse. Chinthu chachilendo m'nkhokwe chikhoza kukhala chofala pakati pathu, chosavulaza. Mu 2016 kafukufuku wina ku America anaonetsa kuti anthu akuda ena anauzidwa kuti ali pa chiopsezo cha matenda okhuthala minofu ya mtima, pomwe kusintha kwawo m'majini a MYBPC3 ndi TNNI3 kunali kopanda vuto. Choncho lipoti likalemba VUS, kutanthauza kuti tanthauzo lake silikudziwika, musabweze zotsatirazo kwa eni ake. Mungopatsa banja mantha opanda mankhwala.

Bungwe la akatswiri a majini la ku America, ACMG, linatulutsa mu 2013 mndandanda wa majini 56 oyenera kubweza zotsatira zake, ndipo wakhala ukukula. RYR1 ilimo. Koma mndandandawu analembera odwala a m'zipatala za kwawo, ndipo ine sindiona chifukwa choutengera wonse osaunika. Taganizani za BRCA1, jini yokweza chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi ya m'thumba la mazira. Komwe kuli makina ounika mawere chaka ndi chaka, kudziwa kumathandiza. Mayi wa kumudzi amene sangafike pa makinawo, mwamupatsa chiyani? Ena amati kumubisira n'kumuchepsa, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Yankho langa ndi loti ngati mwasankha kubweza, ndalama za uphungu, za ulendo ndi za kuunikako zikhale kale mu bajeti ya kafukufuku.

Zonsezi zimagamulidwa magazi asanatengedwe. Fomu ya chilolezo inene momveka mtundu wa zotsatira zimene zidzabwezedwe ndi zimene sizidzabwezedwa, ndipo munthu asankhe yekha ngati akufuna kumva kapena ayi. Wokana, mulemekezeni. Ndondomekoyi ipite ku komiti yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku, monga COMREC kapena NHSRC kuno ku Malawi, isanayambe ntchito.

Pali china chimene kuunika anthu atatu chimavumbula mosapempha: pena bambo si amene anabereka mwanayo. Ofufuza ambiri sabweza zimenezi, chifukwa sizichiritsa munthu koma zikhoza kuthetsa banja kapena kumenyetsa mayi. Nenani m'fomu kuti za ubale simudzaulula, ndipo muwerengereni mayi payekha, bambo payekha, kuti amene ali ndi nkhawa athe kukana popanda kufunsidwa chifukwa.