Potsatsa katundu pa foni, yambani ndi dzina lake

Sabata yatha ndinali ku Glen View Area 8 mu Harare, kumene anzathu ambiri amakhoma mabedi, masofa ndi makabati. Bambo wina, kalipentala wa ntchito yooneka bwino, amene makolo ake anachokera ku Dedza, anandionetsa bedi limene anaika pa Facebook Marketplace. Anadandaula kuti anthu safunsa, ndipo ochepa amene afunsa amayamba ndi funso limodzi: ndi saizi yanji? Mutu wa malonda awo unali uwu:

```
Beautiful strong luxury quality bed, best price!!! Double
```

Ndinawapempha kuti tilione bedilo pa foni yanga, monga mmene wogula amalionera. Pansi pa chithunzi panali mtengo ndi mawu atatu oyamba aja, kenako timadontho titatu. Mawu akuti bed ndi Double anali atadulidwa. Bambowo anapukusa mutu n’kunena kuti, “Ndiye kuti ndakhala ndikugulitsa kukongola, osati bedi.”

Malo a mutu pa sikirini ndi ochepa, ndipo chimadulidwa ndi chakumapeto. Wogula naye sawerenga mutu wonse, amangotsetsereka ndi chala n’kumaona mawu awiri kapena atatu oyamba. Ndiponso akamafufuza amalemba dzina la chinthu ndi saizi yake. Mayi wa ku Mufakose amene akufuna bedi la mwana wake salemba beautiful, amalemba single bed. Mawu okometsera aliyense amawalemba, ngakhale amene bedi lake limalira ukangoligonera, choncho sasiyanitsa katundu wanu ndi wa mnzanu.

Tinakonza mutuwo pang’onopang’ono. Choyamba ndinafunsa kuti, “Bambo, chimenechi n’chiyani kwenikweni? Ndi bedi lathunthu kapena chapansi chokha?” Anati n’chapansi chokha ndi thabwa lakumutu, matiresi palibe. Kenako tinasankha chinthu chimodzi chimene wogula sangagule asanachidziwe. Pa bedi chimenecho ndi saizi, chifukwa matiresi ali nawo kale kunyumba kapena chipinda chake n’chaching’ono. Masaizi ofala kuno m’lifupi ndi masentimita 91 la munthu mmodzi, 107 lapakati, 137 la anthu awiri ndi 152 lokulirapo, ndipo kutalika nthawi zambiri ndi 188. Tinayeza ndi tepi, osati kungoganizira, ndipo tinapeza 137. Mutu unakhala chonchi:

```
Double bed base 137x188cm + headboard, pine, new
```

Tinaulemba m’Chingerezi chifukwa ogula ambiri mu Harare muno amafufuza katundu wotere m’chinenero chimenecho. Mukamatumiza pa gulu la WhatsApp la kumpingo kapena la chibale chathu cha maliro, lembani m’Chichewa, koma ndondomeko ikhale yomweyo: bedi la anthu awiri, masentimita 137, la paini, latsopano.

Taonani kuti mawu akuti latsopano sitinawachotse. Amenewa si okometsera, ndi mfundo imene wogula angaitsimikize ndi maso. Mayeso ake ndi awa: kodi kasitomala atabwera ndi tepi kapena sikelo, angathe kukutsutsani? Akuti paini, makilogalamu 9, kapena logwirapo kale ntchito angayesedwe. Akuti lapamwamba sangayesedwe. Ngati mtima ukufunabe kutamanda bedi lanu, pakuti ntchito ya manja ako imakoma kuitamanda, teroni m’bokosi la kufotokoza, ndipo nenani chifukwa chake: miyendo isanu ndi umodzi, zolumikizira zomangidwa ndi mabawuti, osati misomali yokha.

Ine chimandipweteka kwambiri ndi ulendo wopita pachabe. Munthu akwera makombi awiri kuchokera ku Chitungwiza, afika, apeza kuti bedi ndi la 107 pamene matiresi ake ndi a 137. Wataya ndalama ndi tsiku, inunso mwataya kasitomala amene akauza anzake.

Pali katundu wina amene dzina la kampani limayenera kutsogola, chifukwa ogula amafufuza ndi dzinalo. Wogulitsa foni ayambe ndi Samsung kapena Itel, kenako mtundu wake ndi kukula kwa malo osungira zinthu. Koma bedi lokhomedwa ku Glen View silifunika dzina la shopu yanu patsogolo, pakuti dzinalo limaoneka kale pa akaunti. Musadzazenso mutu ndi nambala ya foni kapena mtengo, popeza mtengo uli ndi malo akeake.

Mukamaliza kulemba, bwerekani foni ya mnzanu, makamaka yaing’ono, mufufuze katundu wanuyo. Phimbani chithunzi ndi chala n’kuwerenga mawu amene atsala. Ngati mnzanuyo sangathe kunena chimene chikugulitsidwa ndi saizi yake, sunthirani mawuwo kutsogolo n’kuyesanso. M’masabata otsatira muziona mauthenga amene akubwera: funso la saizi likamabwerabe, tsegulani mutuwo muone ngati nambala ija sikudulidwa.