Mmene mungakanire membala wopempha ngongole pa banki mkhonde osamuchititsa manyazi

Ndi mwezi wa Novembala, kwatsala masabata atatu kuti gulu ligawane ndalama. Mayi wina akudzuka pamsonkhano n'kupempha K50,000 ya feteleza. Masheya ake ndi a K20,000, ndipo akadali ndi ngongole ya K35,000. Anthu onse angoti maso pa inu wapampando.

Choyamba, musiyeni alankhule mpaka amalize. Amene wadulidwa mawu pagulu amaiwala za ndalama n'kuyamba kumenyera ulemu wake. Akamaliza, vomerezani vutolo: "Mayi, tamva. Mbewu siidikira munthu, tonse tikudziwa."

Kenako pemphani mlembi awerenge lamulo limene gulu linagwirizana. M'magulu ambiri membala sakongola ndalama yopitirira katatu masheya ake, apa ndiye K60,000. Mukaphatikiza K35,000 yakale ndi K50,000 yatsopano ikukwana K85,000, yadumpha kale malire. Koma samalani: mlembi awerenge lamulo lokha. Ngongole ya mayiwo aliyense akuidziwa, inalembedwa onse akuona, ndiye kuitchulanso mokweza n'kuwavula pagulu.

Tsopano kanani, mawu ochepa: "Mayi, malamulo amene tinapanga tonse sakulola. Lero gulu silitha kukupatsani."

Apa ndi pamene ambiri timaterereka. Timati "tiona" kapena "tikambirana", pofuna kuoneka abwino. Wopempha amamva ngati mwalola, amakatenga feteleza pangongole kwa wogulitsa podalira inu, ndipo sabata yamawa mkangano wake umaposa wa lero. Bodza lakuti "ndalama mulibe" ndiye loipiratu, chifukwa ndalama za m'bokosi zimawerengedwa pamaso pa aliyense. Musaitanitsenso mavoti pa nkhani imene lamulo lanena kale. Mayiwo adzawerenga manja amene awakana, ndipo ena mwa manjawo ndi a alamu awo.

Akaumirira, bwerezani mawu omwewo osawonjezera zifukwa, poti chifukwa chilichonse chatsopano amachipezera yankho. Wina akayamba zoti "pajatu chaka chatha munachedwanso kubweza", mudule msanga: "Achimwene, imeneyo si nkhani ya lero." Wina akanena kuti mutape m'thumba la zadzidzidzi, kumbutsani kuti ndi la maliro ndi matenda.

Muuzeni chimene chingatheke, ngati chilipodi: "Mukamaliza ngongoleyi, pa tsiku logawana mudzalandira masheya anu onse ndi phindu lake." Mukatero pitani pa mfundo yotsatira nthawi yomweyo, maso a anthu achoke pa iye.

Msonkhano ukatha, kamupezeni pambali mumufunse mmene angabwezere K35,000 ija m'masabata atatu otsalawo. Mwina angathe K12,000 sabata ino, K12,000 yamawa, K11,000 yomaliza. Chimene mwagwirizana mukachinene kwa mlembi, chilowe m'buku.