Momwe mungalembere imelo yokumbutsa munthu amene sanakuyankheni, n'kumupatsa tsiku latsopano

Tiyerekeze kuti ndinu mlembi wa gulu la alimi kuno ku Chipata, ndipo m'shedi mwanu muli matumba 200 a soya a makilogalamu 50, omwe ndi matani 10. Munagwirizana mtengo ndi kampani ina ya ku Lusaka, ndipo Lolemba pa 21 Julayi munalembera manijala wake imelo yomupempha kuti pofika Lachisanu pa 25 Julayi akuuzeni tsiku limene lole idzabwere. Lachisanulo ladutsa, kuli zii, ndipo alimi ayamba kukufunsani za ndalama zawo. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa ena amalemba atapsa mtima, pomwe ena amanyengerera mpaka wowerengayo n'kuona ngati nkhaniyo ingadikire mwezi wina.

Musanalembe chilichonse, tsimikizirani kuti imelo yoyamba ija inapitadi. Yang'anani mu Sent, osati mu Drafts kapena Outbox, chifukwa netiweki ikadukira pakati, kalata imatha kukhala m'foni masiku angapo inu mukuyesa kuti inafika. Onaninso ngati simunalandire uthenga wochokera kwa Mail Delivery Subsystem wonena kuti "Address not found", umene umatanthauza kuti munalakwitsa adiresi, ndipo tsegulani Spam, popeza yankho lawo lingagwere mmenemo. N'zochititsa manyazi kudzudzula munthu kuti sanayankhe pamene yankho lake lakhala m'foni mwanu kuyambira Lachitatu.

Zonse zikakhala bwino, dikirani tsiku limodzi kapena awiri ogwira ntchito kuchokera pa tsiku limene munawapatsa, kenako lembani. Pa nkhani yathuyi, Lachiwiri pa 29 Julayi m'mawa ndi nthawi yabwino. Musayambe imelo yatsopano, koma tsegulani yoyamba ija n'kudina Reply, kapena Reply all ngati munalembera anthu angapo, kuti zomwe munalemba poyamba zioneke m'munsi ndipo manijalayo asavutike kufufuza. Gmail ikuthandizani apa: mukatsegula imelo yanu yomwe n'kudina Reply, imapita kwa amene munamulembera uja, koma onetsetsanibe dzina limene lili pa To. Kumbukirani kuti Reply sitenganso zikalata zimene munaphatikiza poyamba, choncho ngati panali pepala la mgwirizano, liphatikizeninso.

Tsopano tifike pa tsiku latsopano, chifukwa mphamvu yonse ya kalatayi ili pamenepa. Mawu monga akuti "mwamsanga" kapena "sabata ya mawa" sauza munthu chilichonse chimene angalembe pa kalendala yake. Lembani dzina la tsiku, deti, mwezi m'mawu ndiponso ola. Mukalemba 05/08, wina adzawerenga kuti 5 Ogasiti pomwe wina amene anazolowera kalembedwe ka ku America adzati 8 Meyi. Posankha tsikulo, yang'anani maholide. Lolemba loyamba la mwezi wa Ogasiti ndi tsiku lokumbukira alimi m'Zambia ndipo maofesi amakhala otseka, choncho mlembi wathuyu akanena kuti Lolemba pa 4 Ogasiti, wawapatsa yekha chifukwa cholepherera. Lachiwiri pa 5 Ogasiti, 12:00 masana, ndi tsiku labwinopo, chifukwa limapatsa manijalayo masiku anayi ogwira ntchito kuti afunse za lole ndi mafuta, komanso limakusiyirani masana onse oti muchitepo kanthu akalephera. Ine sindikonda kusankha Lachisanu madzulo, chifukwa ngakhale asayankhe, palibe chomwe mungachite mpaka Lolemba.

Tsiku lopanda chotsatira chake limadutsa ngati loyamba lija. Nenani momveka chimene mudzachite likadutsa, koma chikhale chinthu chimene muli ndi mphamvu yochichita ndiponso chimene komiti yanu yavomereza kale. Kuopseza kuti mupita kukhoti pa nkhani ya tsiku la lole n'kungodzichotsera ulemu. Kunena kuti mudzagulitsa soyayo kwa ogula ena n'kokwanira, pokhapokha ngati mgwirizano umene munasainirana sukuletsani kutero, ndiye uwerengeninso musanalembe mawu amenewa.

Kalata yonse ingakhale motere:

"Zikomo a Manijala. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse kuntchito. Ndikukumbutsani za imelo yanga ya Lolemba pa 21 Julayi, imene ili m'munsimu, yokhudza matumba 200 a soya amene akudikira lole yanu m'shedi mwathu kuno ku Chipata. Tinapempha yankho pofika pa 25 Julayi, koma mpaka lero sitinalilandire. Chonde tiuzeni tsiku limene lole idzabwere, ndipo yankholi litipeze pofika Lachiwiri pa 5 Ogasiti, 12:00 masana. Nthawi imeneyi ikadutsa tisanamve kwa inu, komiti yathu yagwirizana kuti idzagulitsa soyayu kwa ogula ena, chifukwa alimi akudikira ndalama zawo. Ngati pali vuto limene likukuchedwetsani, tidziwitseni tsikuli lisanafike kuti tikambirane. Ine wanu, mlembi wa gulu."

Taonani kuti mulibe mawu akuti "mwatinyalanyaza" kapena "simunafune kuyankha". Mlembiyu wangonena chimene akudziwa, choti yankho sanalilandire, osaloza chala munthu amene mwina anali kumaliro kapena kumunda kogula mbewu. Moni alipo, "chonde" alipo, ndipo ulemu wa "inu" sunasinthe mpaka kumapeto. Koma mulibenso kupepesa. Ife Achewa tinazolowera kuyamba ndi "pepani" polankhula ndi akuluakulu, ndipo m'mudzi n'zoyenera, koma m'kalata yotereyi mawu akuti "pepani kuti ndikukuvutitsaninso" amachititsa kuti amene wachedwayo aoneke ngati ndiye akukuchitirani chifundo. Pempho lilinso limodzi lokha. Mukawonjezera funso la matumba opanda kanthu kapena la mtengo wa chaka chamawa, adzayankha losavutalo n'kusiya la lole. Makampani ambiri a ku Lusaka timawalembera m'Chingelezi, koma ndondomeko ya mfundozi siisintha.

Pa mutu wa imelo, siyani "Re:" ndi mawu akale aja, ndipo ngati mukufuna, wonjezerani kumapeto kwake kuti "yankho pofika 5 Ogasiti". Zilembo zazikuluzikulu zokhazokha zimamveka ngati kukalipa. Za kuika bwana wa manijalayo pa Cc, ndingakulangizeni kuti muyambe mwadikira, chifukwa pa chikumbutso choyamba zimaoneka ngati mwakamuneneza, ndipo mudzafunikabe kugwira naye ntchito nyengo yamawa. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi kumuimbira foni kapena kumulembera mawu ochepa pa WhatsApp tsiku lomwelo, kungomuuza kuti mwatumiza imelo. Akakuyankhani pafoni kuti lole idzabwera Lachinayi, musakhutire ndi mawu apakamwawo, koma lembaninso imelo yaifupi yotsimikiza zimene mwagwirizana, kuti pakhale umboni woonetsa komiti.

Likafika Lachiwiri lija, 12:00 n'kukwana kuli chete, musawonjezerenso tsiku lina, chifukwa mukatero adzadziwa kuti masiku anu sakhala ndi tanthauzo. Lembani mizere iwiri pa imelo yomwe ija, kuwathokoza ndi kuwadziwitsa kuti monga munanenera pa 29 Julayi, soyayo tsopano mukumugulitsa kwa ena, kenako dziwitsani wapampando n'kuyamba kuimbira ogula enawo masana omwewo.