Eyakoni ikulira koma sikuziziritsa, kenako bureka yagwa: yambani mwawerenga ma ampu

Okutobala akafika ku Chigwa cha Shire, ku Mangochi kapena ku Salima, dandaulo lomwe ndimamva kwambiri kwa eni magolosale ndi malo ogona alendo ndi limodzimodzi. Eyakoni ikulira bwinobwino, mphepo ikutuluka, koma m'chipinda thukuta kamukamu, ndipo pakapita mphindi zingapo bureka imagwa. Ambiri amathamangira zinthu ziwiri: kuitana munthu woti awonjezere gasi, kapena kugula bureka yokulirapo. Njira zonsezi zimadya ndalama vuto lenileni lisanadziwike, ndipo yachiwiriyo ikhoza kuotcha nyumba. Makinawa amanena okha chomwe chikuwavuta, bola muwafunse ndi wotchi komanso mita yopana pa waya, ija amisiri amati kilampu mita.

Ndikunena za eyakoni ya magawo awiri, lina lapakhoma m'nyumba ndi lina lapanja, ya mtundu wakale wopanda iniveta, chipangizo chija chomwe chimasinthasintha liwiro la mota. Kulira komwe mumamva m'chipinda ndi kwa fani ya m'katiyo basi. Fani imeneyi siziziritsa chilichonse payokha. Ntchito yeniyeni ili panja, pa kompuresa yomwe imapopa gasi ndi fani ina yomwe imachotsa kutentha. Choncho eyakoni ikhoza kumveka ngati ikugwira ntchito pomwe kompuresa inaima kalekale.

Musanagwire chida chilichonse, pitani pa bokosi la mabureka mukaone chomwe chagwa. Ngati chagwa ndi chija chokhala ndi batani loyesera, cholembedwa 30 mA, ndiye kuti magetsi akuthawira pansi penapake: waya wasupuka, madzi alowa polumikizira, kapena mawaya a m'kati mwa kompuresa akukhudza chitsulo chake. Ngati yagwa ndi bureka wamba ya eyakoniyo, funso lotsatira ndi lakuti imagwa liti. Yogwa nthawi yomweyo kompuresa ikangofuna kuyaka, mwina ndi kaphokoso koti phwa, imaloza ku shoti. Yogwa patapita mphindi khumi kapena makumi awiri imagwa chifukwa chotenthedwa pang'onopang'ono ndi magetsi ochuluka. Mtundu wachiwiriwu ndi womwe umayenda limodzi ndi kuziziritsa mofooka, ndipo ndi womwe tikhalepo.

Pambali pa gawo lapanja pali kachikwangwani ka manambala. Pamenepo mupeza ma ampu omwe makina ayenera kudya akamagwira ntchito bwino, ndipo pa kompuresa kawirikawiri amalemba RLA ndi LRA. Nambala yoyambayo ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, pomwe LRA ndi magetsi omwe kompuresa imakoka pamene yapatsidwa moto koma sinayambe kuzungulira, ndipo amachuluka kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi kuposa oyamba aja. Eyakoni ya mphamvu yoziziritsa ya 12,000 BTU pa magetsi athu a 230 V imadya ma ampu asanu kapena asanu ndi imodzi.

Ndikupatseni chitsanzo cha golosale ina ku Nchalo. Mwini wake anali atalipira kale gasi kawiri, ndipo tsiku lomwe ndinafika anali atagula bureka ya 32 A kuti alowetse m'malo mwa ya 10 A yomwe inalipo. Waya wopita ku eyakoniyo unali wa 1.5 mm², woti bureka ya 32 A siingauteteze: waya ukanayamba kusungunuka bureka ili chete. Ndinawauza kuti, “Bambo, bureka yanuyi sinalakwe, ikungokuuzani kuti kunjaku kuli nkhani. Tiyeni tiione kaye.”

Kachikwangwani kanalemba 5.5 A. Ndinayamba ndi mavoliti, chifukwa kuyeza kwake n'kosavuta: 228 V makina ali chozima, ndipo 221 V atayaka. Palibe chodandaulitsa pamenepo. Mavoliti ayezedwe makina akugwira ntchito, chifukwa waya wochepa kapena polumikizira pomasuka zimaonetsa nambala yabwino pamene palibe chomwe chikukoka magetsi. Akanatsika kupyola 207 V, ndiye kuti 10 peresenti pansi pa 230, ndikanayamba ndi mawaya ndi magetsi obwera m'deralo, popeza mota yolandira mavoliti ochepa imakoka ma ampu ambiri ndi kutentha.

Kenako ndinapana mita pa waya wamoto wopita panja. Mupane waya umodzi wokha; mukapana chingwe chonse mita imaonetsa ziro. Makina anayamba pa 5.3 A, ndipo mphepo m'golosale inali yozizirirako. Patatha mphindi khumi mita inali pa 6.8 A. Zitakwana mphindi makumi awiri inali itadutsa 8 A, kenako kunamveka kuti tche, nambala n'kugwera pa 0.5 A. Bureka inali isanagwe. Chomwe chinadula ndi kachitetezo ka kompuresa yomweyo, ovalodi, kamene kamatsegula kompuresa ikatentha kwambiri. Theka la ampu lija linali la mafani okha, ndipo m'golosale eyakoni inkangouzira mphepo yofunda ngati palibe chachitika. Ovalodi itazizira, kompuresa inayesa kuyakanso gasi akadali wopanikizika, inangong'ung'udza, mita n'kulumphira pa 26 A kwa masekondi angapo, ovalodi n'kudulanso. Itayesa kachitatu bureka inagwa.

Chofunika pa nkhaniyi si nambala imodzi ayi, koma kayendedwe kake. Ma ampu omwe amayamba bwino n'kumakwera pang'onopang'ono akunena kuti kutentha kukulephera kutuluka panja. Gasi akalephera kuzizira mu kondensa, timapaipi ta timapiko ta gawo lapanja tomwe fani imauzira, mphamvu yomwe kompuresa ikukankhana nayo imakula, ndipo mota imakoka magetsi ochuluka kuti ipirire. Ndinaika dzanja kutsogolo kwa fani yapanja: kamphepo kofooka, kotentha ngati ka pa mbaula, ndipo mapiko ake ankaoneka ndi maso akuzungulira. Kumbuyo, timipata ta kondensa tinali titamatika ndi fumbi losakanikirana ndi nthenga za nkhuku, mpaka kuoneka ngati bulangete. Titazimitsa magetsi ndinayeza kachipangizo kothandiza mota kuzungulira, kapasita yaing'ono ya fani. Inalembedwa 2.5 µF koma inaonetsa 0.9 µF. Tinaika ina ya nambala yomweyo, tinatsuka kondensa ndi madzi a paipi osathamanga kwambiri kuti timapiko tija tisapindike, ndipo makina anakhazikika pakati pa 5.6 ndi 5.9 A masana onse. Gasi woonjezera uja ndinapempha mmisiri wa mageji oyezera gasi adzaone, chifukwa gasi wopyola muyeso nayenso amakweza ma ampu mwa njira yomweyi.

Tsono mita ikanasonyeza zina, nkhani ikanasintha. Tiyerekeze kuti ma ampu ndi otsika, monga 3 A pamakina a 5.5 A, ndipo akungokhala pomwepo. Apa m'pamene gasi angakhale wochepadi, chifukwa kompuresa ilibe katundu wokwanira woti ipope. Onani mapaipi awiri olowa m'gawo lapanja: yaikuluyo imayenera kukhala yozizira ndi kuchita mame, koma gasi akachepa imakhala yofunda, yaing'onoyo n'kuchita chipale choyera, ndipo nthawi zambiri pamanati pamakhala mafuta. Makina otere amazimanso pakapita nthawi, popeza gasi wozizira wobwerera ndiye amaziziritsa mota ya kompuresa, ndipo akasowa ovalodi imadula. Kumbukirani kuti gasi wa eyakoni satha ngati petulo. Akachepa pali podontha, ndipo wothira gasi osatseka pamenepo akungokonza ulendo wake wachiwiri. Zosefera za m'nyumba zikatsekeka ndi fumbi zimatsitsanso ma ampu, ndiye zitsukeni kaye musanaweruze.

Vuto lina ndi la kompuresa yosayaka n'komwe. Mukayatsa, mafani amazungulira, pakapita mphindi ngati zitatu kumamveka kung'ung'udza, mababu amathima pang'ono, mita imafika pafupi ndi LRA, kenako tche. Kachisanu kochepa komwe mwini nyumba amati akukamva ndi mphepo ya fani chabe. Woyamba kumukayikira ndi kapasita yaikulu ya kompuresa, yomwe pa makina a kukula uku imakhala ya 25 mpaka 35 µF. Ikafufuma pamwamba kapena kudontha mafuta, yatha. Koma yooneka bwino nayo imafa, choncho iyezeni. Zambiri zimalembedwa ±5%, ndipo yotsika kwambiri kuposa pamenepo isinthidwe ndi ya µF yofanana, ya mavoliti ofanana kapena oposerapo. Kapasita imasunga magetsi ngakhale mutazimitsa bureka, ndiye ithetsedwe mphamvu ndi rezisita musanaikhudze. Ngati simunaphunzire ntchito imeneyi, lekezani pa kuona ndi kumvetsera, kutsegula chivundikiro musiyire mmisiri.

Kapasita ikakhala yabwino ndi mavoliti okwanira, patsala kompuresa yeniyeniyo. Magetsi ali chozima ndi mawaya atazulidwa, mmisiri amayeza ma omu pakati pa mapini atatu olembedwa C, R ndi S. Lamulo lake ndi ili:

```
C-R + C-S = R-S
```

Mwachitsanzo, 3 kuphatikiza 4 zipereke 7. Samalani apa: kompuresa yotentha imaonetsa ngati C waduka ku mapini onse awiri pomwe R ndi S akulumikizana bwino, chifukwa ovalodi ya m'kati idakali yotsegula. Ndinaonapo kompuresa yabwino itatayidwa pachifukwa chimenechi. Ipatseni maola angapo izizire, muyezenso. Pakati pa pini iliyonse ndi chitsulo cha kompuresa pasakhale njira. Chida choyezera insulesheni, mega, chikaonetsa zosakwana 1 MΩ, ndiye kuti insulesheni ya kompuresa yaonongeka, ndipo ikhoza kukhala yomwe imagwetsa chija cha 30 mA.

Nthawi zina eyakoni ilibe mlandu. Ma ampu ali bwino, osakwera, koma bureka ikugwabe, ndipo mukayandikiza dzanja pachivundikiro chake n'chotentha, pulasitiki pafupi ndi sikuluu yachita bii. Sikuluu yomasuka imatenthetsa bureka mpaka kugwa pa magetsi ochepa. Onaninso ngati mafiriji ndi ketulo sizili pa bureka yomweyo.

Kwa ife omwe magetsi amathimathima, chizolowezi chimodzi chimapulumutsa kompuresa: akabwera, dikirani mphindi zosachepera zitatu musanayatse, kuti gasi akhazikike mbali zonse. Makina ambiri ali ndi kachedwetsedwe kameneka m'kati, ndipo musalole wina akachotse poti eyakoni ikuchedwa kuyaka. Za ma iniveta, ma ampu awo amakwera ndi kutsika mwadala, choncho mawerengedwe ndafotokozawa sagwira chimodzimodzi. Iwo amaonetsa khodi pa sikirini kapena kuphethiritsa nyali. Lembani khodiyo musanazimitse pakhoma, ndipo musagwire bolodi yapanja, chifukwa makapasita ake amasunga mavoliti opitirira 300 kwa mphindi zingapo magetsi atazimitsidwa.