Foni ikutha batire ndipo VPN ikungoduka: momwe mungapezere vuto ndi kuchunira Always-on VPN

Mlamu wanga wa ku Chinamwali amagwira ntchito ku bungwe lina muno m'tauni ya Zomba, ndipo kuntchito anawalamula kuti malipoti azitumiza kudzera pa VPN, njira yobisa data yomwe ikuyenda pakati pa foni ndi seva. Mwezi watha anabwera kwathu atakwinya nkhope, akuti: "Alamu, foniyi yatha ntchito. Ndimagona ili pa 100, kudzuka ili pa 62, chonsecho sindinaigwire. Kakiyi ka VPN kapamwamba apa kamangoti kabwere, kasowe." Anali atafunsa kale mtengo wa batire yatsopano mumsika. Batireyo inalibe mlandu. Kuduka kwa VPN ndi kutha kwa batire linali vuto limodzi, ndipo batani la Always-on VPN lomwe anayatsa pofuna kuthetsa vutolo ndi lomwe linkalikulitsa.

Always-on VPN imachita chiyani kwenikweni

Batanili linafika ku mapulogalamu a VPN ochita kuika pafoni kuyambira pa Android 7.0, ya mu 2016. Pa mafoni ambiri limapezeka mukalowa Settings, kenako Network & internet, kenako VPN, n'kudina kagiya kali pambali pa dzina la VPN yanu. Pa Samsung njira yake ndi Settings, Connections, More connection settings, VPN.

Mukaliyatsa, Android imadzutsa yokha pulogalamu ya VPN foni ikangoyaka ndipo imayesetsa kuti isagone. Komanso pulogalamu ina ya VPN singalande malowo. Koma ntchito yolumikizana ndi seva imakhalabe ya pulogalamuyo. Seva ikakhala kuti siikufikika, Android siingachitepo kanthu, imangokuikirani uthenga wosachotseka pamwamba wonena kuti VPN yaduka, kwinaku pulogalamuyo ikuyesa, ikulephera, ikuyesanso. Always-on siilimbitsa netiweki. Imangoonetsetsa kuti kuyesako kusathe, ndipo batire imathera pomwepo.

Pansi pake pali batani lachiwiri, Block connections without VPN. Likakhala lozimitsa, VPN ikaduka foni imapitiriza kugwiritsa ntchito intaneti mwachindunji, inu osadziwa. Likakhala loyatsa, VPN ikaduka intaneti yonse imaima, ngakhale timizere ta netiweki tili todzaza. Anthu ambiri amasokoneza mabatani awiriwa, n'kumadandaula kuti data yawathera pomwe ilipo.

Choyamba, yezani usiku uwiri

Musathamangire kukhulupirira mndandanda wa Battery usage. Poti data ya mapulogalamu onse imadutsa mu VPN, foni nthawi zambiri imalemba mbali ya batire yomwe yathera pa data imeneyo pa dzina la VPN, ngakhale amene amakoka mavidiyo anali wina. Muyeso wabwino ndi wa usiku, foni itangokhala pamalo amodzi.

Usiku woyamba tchajani foni, zimitsani Always-on VPN, dulani VPN, lembani peresenti ya batire pogona ndi podzuka. Usiku wachiwiri chitani chimodzimodzi, malo omwewo, VPN ili yoyatsa. Kwa mlamu wanga, usiku wopanda VPN foni inatsika kuchoka pa 100 kufika pa 93 m'maola 8. Usiku wa VPN inafika pa 64. Zikanakhala kuti usiku woyamba nawonso inatsika kwambiri, tikanasiya za VPN n'kukayikira batire kapena pulogalamu ina.

Chachiwiri, onani nthawi yomwe ikuduka

Apa mpomwe pagona nkhani, chifukwa nthawi yodukira imaulula choyambitsa.

Ngati kakiyi kamasowa patangopita mphindi zochepa sikirini itazima, n'kubwerera mukatsegula foni, ndiye kuti foni yomweyo ikupha pulogalamuyo pofuna kusunga batire. Kuyambira pa Android 6.0 pali dongosolo lotchedwa Doze lomwe limachepetsa zochita za mapulogalamu foni ikakhala phee, ndipo opanga mafoni ambiri amawonjezerapo zawo zokhwima kuposa pamenepo. Ndiye kumakhala kukokanakokana: wina akupha, pulogalamu ikudzuka, ikulumikizanso, ikuphedwanso.

Ngati ikuduka mukamayenda, kapena mukachoka pa waifai kupita pa data, vuto ndi kusintha kwa netiweki. Aliyense amene anakwerapo minibasi yopita ku Blantyre akudziwa mmene foni imadumphira pakati pa 4G ndi 3G cha ku Thondwe ndi Namadzi, ndipo n'chimodzimodzi pokwera phiri kupita ku Ku Chawe. Nthawi zina kusinthako kumapatsa foni adiresi ina ya pa intaneti, ndipo VPN zina zimayenera kuyambiranso kulumikiza.

Ngati siikulumikiza n'komwe, yambani mwaona bandulo. Ichi ndi chomwe chinatinyenga ife tsiku lina. Bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha siigwira ntchito ndi VPN, chifukwa kampani ya foni siiona WhatsApp, imangoona data yobisika yopita ku seva yachilendo. Bandulo ya intaneti yonse ikatha pakati pa usiku, VPN imakhala ikugogoda pakhomo lotseka mpaka kucha. Mukakhala kuti munayatsanso Block connections without VPN, ngakhale WhatsApp yomwe muli nayo bandulo yake siitsegula.

Chachitatu, masulani pulogalamu ya VPN

Lowani Settings, Apps, sankhani pulogalamu ya VPN, kenako Battery. Pa Android 12 kupita m'tsogolo mupeza zosankha zitatu: Unrestricted, Optimized ndi Restricted. Sankhani Unrestricted. Pa mafoni akale fufuzani Battery optimization n'kusankha Don't optimize. Zikumveka ngati zosemphana, kumasula pulogalamu pofuna kusunga batire, koma VPN yolumikiza kamodzi n'kukhala chete imadya pang'ono kusiyana ndi yomwe ikuphedwa n'kudzuka usiku wonse.

Musalekere pomwepo. Pa Samsung lowani Background usage limits n'kuika VPN pa mndandanda wa mapulogalamu osagonekedwa. Pa Xiaomi ndi Redmi yatsani Autostart n'kusankha No restrictions. Pa Tecno, Infinix ndi itel fufuzani zochunira za Auto-start, zomwe kawirikawiri zimakhala mu Phone Master, mulole VPN, ndipo musiye chizolowezi chodina batani loyeretsa foni mphindi iliyonse. Ngati munayatsa Data Saver, ipatseni VPN chilolezo cha Unrestricted data.

Tsegulaninso zochunira za m'pulogalamu ya VPN yomweyo. OpenVPN Connect, mwachitsanzo, ili ndi Battery Saver yakeyake yomwe imalola VPN kupuma sikirini ikazima. Imeneyi siigwirizana ndi cholinga cha Always-on, ndiye sankhani chimodzi. Ndipo ngati muli ndi pulogalamu yotchinga zotsatsa malonda kapena yoletsa mapulogalamu ena kudya data, dziwani kuti zambiri mwa izo zimagwira ntchito ngati VPN, pomwe Android imalola VPN imodzi yokha pa nthawi.

Chachinayi, kamluzu kosunga njira

Titamasula pulogalamu, kuduka kwa mlamu wanga kunachepa kwambiri, koma batire usiku inkatsikabe kufika cha m'ma 80. Chotsala chinali mu fayilo yomwe anapatsidwa kuntchito. Amagwiritsa ntchito VPN yotchedwa WireGuard, ndipo pansi pa `[Peer]` panali mzere uwu:

```
PersistentKeepalive = 10
```

Mzerewu ukutanthauza kuti foni ikakhala chete izitumiza kauthenga kakang'ono kwa seva masekondi 10 aliwonse. Chifukwa chake n'chakuti zida za kampani ya foni zimaiwala njira yomwe yakhalitsa osadutsapo kanthu, ndipo ikaiwalika seva singathe kufikira foni yanu. Kauthengako n'kochepa moti pa bandulo simungakazindikire, koma pa batire ndi nkhani ina. Kalikonse kakamatumizidwa wailesi ya m'foni yolumikizira netiweki imadzuka, ndipo siigona nthawi yomweyo, imadikira masekondi angapo. M'maola 8 muli masekondi 28,800, kutanthauza kudzutsidwa ka 2,880 usiku umodzi. Mukaika 25, nambala yomwe opanga WireGuard eni ake amati ndi yoyenera nthawi zambiri, zimatsika kufika pa 1,152.

Kuwonjezera apo, kuchipinda kwa mlamu wanga netiweki imakhala kamzere kamodzi, ndipo foni ikakhala kutali ndi nsanja imagwiritsa ntchito mphamvu zambiri potumiza uthenga womwewo. Magetsi akazima, waifai n'kuthima, zonse zimagwera pa data yofooka ija.

Anafunsa kaye wa makompyuta kuntchito, yemwe anavomera kuti tisinthe ikhale 25. Mungathe kuizimitsiratu poika 0, ndipo batire imapumula kwambiri, koma pali mtengo wake: mauthenga amatha kumachedwa mpaka foni itatumiza kanthu yokha. Mukaona mauthenga akungokhuthuka pamodzi mukatsegula sikirini, bwezerani 25. Pa OpenVPN nambalazi kawirikawiri zimachokera ku seva, ndiye simungazisinthe nokha. Chomwe mungapemphe ndi kulumikiza kudzera pa njira yotumizira data yotchedwa UDP m'malo mwa inzake ya TCP, chifukwa pa netiweki yodukaduka TCP imachulukitsa kubwereza.

Tsopano, muyatse kapena ayi?

Ine maganizo anga ndi akuti Always-on VPN muziiyatsa pomaliza, VPN itatha tsiku lathunthu osaduka payokha. Kuiyatsa pa VPN yodwala kuli ngati kumangirira mbuzi pamalo opanda msipu, imangozungulira chingwe usiku wonse. Ngati VPN mumaifuna potumiza malipoti okha, ngati mlamu wanga, palibe chifukwa choti iziyenda mukugona, pokhapokha kuntchito atalamula. Pa foni yoyang'aniridwa ndi bungwe batanili limatha kukhala lotuwa, losadinika, ndipo pamenepo wokambirana naye ndi wa makompyuta.

Block connections without VPN ndi ya amene akufunitsitsa kuti data isadutse poyera ngakhale sekondi imodzi. Mukaiyatsa yembekezerani zovuta pa waifai ya pa loji kapena pa sukulu yomwe imafuna kulowa kaye pa tsamba lolembapo pasiwedi, chifukwa VPN singalumikize musanalowe, ndipo tsambalo limatha kukana kutseguka. Zimitsani batanilo, lowani, VPN ikalumikiza muliyatsenso. Zosindikizira ndi ma TV a pa waifai ya m'nyumba nazonso zimatha kusowa.

Mlamu wanga anasankha kusiya Always-on yoyatsa, Block yozimitsa, poti amaiwalaiwala kulumikiza m'mawa. Usiku womaliza kuyeza, foni ataisuntha kuchoka pansi pa pilo kupita pawindo loyang'ana kumsewu, inadzuka ili pa 89 kakiyi kali pomwepo. Nanunso mukasintha chinthu, sinthani chimodzi, gonani, muone peresenti m'mawa musanakhudze china.