Momwe mungalembere nkhani yaifupi yoti ikubweretsereni makasitomala

Mukayenda pa Mangochi boma, kuchokera kumsika kukafika ku mlatho wa Bakili Muluzi, zikwangwani zambiri zimanena chinthu chimodzi: akatswiri pa ntchito, mitengo yotsika, bwerani mudzaone. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mawu ake ndi omwewo. Munthu amene batire yake ya sola yafa kachiwiri m'chaka chimodzi sapezamo chomuthandiza kusankha, chifukwa amene anamugulitsa batire yakufayo nayenso ankati ndi katswiri. Chimene chingamukope ndi kuwerenga mawu ochepa ofotokoza vuto lake molondola, mpaka anene mumtima kuti uyu akuzidziwa.

Nkhani yotere ndi ya mawu 250 mpaka 350, yowerengeka pa foni m'mphindi ziwiri. Tiyerekeze ndi mmisiri woika sola wa ku Makawa, ngakhale njira yake ndi yomweyo kwa makaniko wa injini za maboti, telala kapena mlangizi wa ziweto.

Yambani ndi funso la kasitomala

Musalembe pa mutu waukulu ngati "ubwino wa magetsi a dzuwa". Kwa sabata imodzi, lembani m'kope mafunso amene anthu amakufunsani pa ntchito, m'mawu awo enieni. Funso limene labwera katatu kapena kanayi ndilo nkhani yanu. Kwa mmisiri wathuyu funso lake ndi lakuti: "Batire ndagula miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, koma pofika 9 koloko usiku zonse zazima. Kodi anandigulitsa yabodza?"

Funsoli ndi labwino pa zifukwa ziwiri. Muli ndalama zimene munthu wataya kale ndipo akuopa kutayanso, komanso wofunsayo ndi amene angathe kulipira ntchito yanu. Apa ndi pamene amisiri ambiri amasochera. Amalemba zoti amisiri anzawo awagomere, nkhani n'kudzaza mayina a zida ndi masamu, anzawo n'kuwombadi m'manja, koma anzanuwo sadzakulembani ntchito. Musanalembe chiganizo choyamba, sankhani munthu mmodzi woti muzimuona m'maganizo, mwachitsanzo mayi wa golosale ku M'baluku amene amatchajitsa mafoni ndi kuonetsa TV madzulo. Mawu alionse amene mayiyo sangawamve, afotokozeni kapena achotseni.

Lembani yankho m'chiganizo chimodzi musanalembe china chilichonse

Ngati simungathe kuliyankha funsolo m'chiganizo chimodzi, nkhaniyo sinapse. Yankho la mmisiri wathu ndi ili: mabatire ambiri safa chifukwa ndi abodza, amafa chifukwa amakamidwa kupitirira theka usiku uliwonse, sadzadza masana, ndiponso amasungidwa pamalo otentha. Chiganizo chimenechi chikhale kumayambiriro. Pa Facebook, nkhani ikatalika imadulidwa n'kutsala mawu akuti See more, ndiye mizere yoyambayo ndi yokhayo imene anthu ambiri amaiona. Mukaithera pa moni ndi kudzitchula maudindo, owerenga adutsa.

Perekani umboni umene munthu angathe kuuyesa yekha

Gawo ili ndi limene limaonetsa luso, choncho lipatseni malo ambiri. Umboni wabwino ndi nambala kapena chizindikiro chimene wowerenga angakachione kunyumba kwake tsiku lomwelo. Nayi nkhani ya mmisiri uja monga ingalembedwere:

"Kodi batire yanu ya sola ikutha moto pofika 9 koloko usiku? Musanathamangire kukagula ina, werengani izi, chifukwa nthawi zambiri vuto silikhala batire.

"Onani pambali pa batire yanu. Ngati palembedwa 12V 100Ah, ndiye kuti ikadzadza imasunga moto wokwana 1,200Wh, kutanthauza 12 kuchulukitsa ndi 100. Wh ndi muyezo wa moto, mawati kuchulukitsa ndi maola. Koma batire ya asidi siifunika kukamidwa kupitirira theka, choncho wanu weniweni ndi 600Wh. Tsopano werengani zimene mumayatsa. TV ya mawati 60 kwa maola asanu imadya 300Wh. Mababu anayi a mawati 5 kwa maola asanu amadya 100Wh. Fani ya mawati 50 kwa maola asanu ndi limodzi imadya 300Wh. Zonse pamodzi ndi 700Wh, mwapitirira kale, mafoni tisanawawerengere. Ndipo ngati panelo yanu ndi ya mawati 100, pa tsiku la dzuwa labwino imabweza pafupifupi 400Wh basi. Tsiku lililonse mukuchotsa zambiri kuposa zimene mukubwezera.

"Yesani izi mawa m'bandakucha, dzuwa lisanatuluke. Zimitsani zonse, dikirani ola limodzi, muone nambala ya mavoti pa kontirola, kabokosi kolumikiza panelo ndi batire, dzuwa lisanayambe kuwomba panelo. Ikakhala 12.6 kapena kuposa, batire ndi yodzadza. Ikakhala cha m'ma 12.2, ili pa theka. Ikatsika kupitirira 12.0, mukuikama mopitirira. Onaninso pamene mwaiika. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala kumafupikitsa moyo wa batire, makamaka ikakhala m'kachipinda ka malata kopanda zenera. Iikeni pamthunzi podutsa mpweya.

"Mukaona kuti batire yafufuma, ikutentha, kapena ikununkha ngati dzira lovunda, musaigwirenso ntchito ndipo musayatse moto pafupi. Pamenepo pakufunika mmisiri."

Taonani kuti m'nkhaniyi mulibe mawu akuti katswiri, komabe aliyense woiwerenga adziwa kuti wolembayo wagwirapo mabatire ambiri. Masamu ake ndi a ku pulayimale, ochulukitsa ndi kuphatikiza. Zitsanzo zake ndi za kuno: fani, kachipinda ka malata, kutentha kwa Okutobala. Wowerenga wa ku Malindi kapena ku Monkey Bay aona nyumba yake m'mawuwo, zimene sizingatheke ndi nkhani yokopera pa intaneti yonena za chisanu cha kumayiko ena.

Nambala iliyonse muitsimikize musanaitulutse. Iwerengeninso pa kakyuleta, muyerekeze ndi zolembedwa pa chipangizo kapena m'kabuku kake. Nambala imodzi yolakwika, mnzanu wa ntchito yomweyo adzaitchula pagulu, ndipo anthu adzakumbukira cholakwikacho kuposa nkhani yonse.

Musabise yankho

Amisiri ambiri amaopa kuti akafotokoza zonse, anthu azidzikonzera okha. Ndiye amalemba theka la yankho n'kumaliza ndi mawu akuti "kuti mudziwe zambiri imbani". Ine ndimaona kuti kumeneku n'kudzitchinga nokha. Wowerenga amazindikira msanga kuti akukokedwa, ndipo amachoka wopanda chilichonse chokukumbukirani nacho. Mayi wa golosale uja akadziwa kuti akudya 700Wh pa batire yopereka 600Wh, sanasanduke mmisiri. Wangodziwa kuti akufunika panelo yowonjezera, mawaya oyenera ndi munthu woti aziike bwino, ndipo munthu amene akumukhulupirira tsopano ndi amene anamutsegula maso.

Choncho funso limodzilo liyankheni lonse, kenako nenani moona pamene nzeru za pakhomo zikuthera. Ndime yomaliza ya chitsanzo chija ikugwira ntchito imeneyo. Ikuteteza wowerenga ku ngozi yeniyeni, ndipo ikumuuza nthawi yoti akuitaneni popanda kumuopseza ndi zabodza.

Dzina lanu libwere kumapeto, m'mizere iwiri

Lembani dzina, ntchito, dera limene mumafika ndi nambala imodzi ya foni. Dera ndi lofunika kwambiri m'boma lalikulu ngati lathu, chifukwa wa ku Makanjira afuna kudziwa ngati mumawoloka Shire n'kufika kwawo kapena mumathera pa boma. Ngati muli ndi satifiketi ya TEVETA kapena chilolezo cha MERA, chitchuleni, koma chokhacho chimene muli nachodi. Kenako pemphani chinthu chimodzi chosavuta, monga: "Nditumizireni chithunzi cha zolembedwa pa batire ndi pa panelo yanu, ndikuuzani ngati zikugwirizana." Kutumiza chithunzi n'kopepuka kuposa kuimba foni kwa munthu wosamudziwa, ndipo inu mumayamba kukambirana naye mukudziwa kale zimene ali nazo.

Pali zinthu zina zoti musaziike. Musatchule sitolo kapena mmisiri mnzanu kuti ndiye amagulitsa zabodza. Fotokozani vuto, osati munthu. Musaike dzina la kasitomala kapena chithunzi cha nyumba yake asanavomere. Musalonjeze zimene simungazitsimikize, monga kuti batire idzakhala zaka zisanu, pamene simudziwa kuti mwini wake aziigwiritsa ntchito bwanji. Mitengo nayo imasintha kawirikawiri, ndiye mukaitchula lembani mwezi wake.

Iwerengeni mokweza, kenako muitulutse

Mukamaliza, muwerengere mokweza munthu amene sadziwa ntchito yanu, ndipo mumufunse funso limodzi: "Mawa mukachita chiyani?" Akayankha kuti akaona nambala pa kontirola m'bandakucha, nkhani yatheka. Akayamba kukanda mutu, muli mfundo zambiri, chotsanimo zina muzisungire nkhani yotsatira. Pamene mwapunthwa powerenga, chiganizocho chiduleni pawiri. Ndime zikhale za mizere itatu kapena inayi pa foni.

Lembani m'chilankhulo cha wogula. Ngati mukufuna eni malo ogona alendo a ku Chembe, mwina mufunika Chingerezi. Ngati makasitomala anu ambiri ndi a ku Namwera kapena ku Katuli, ndipo Chiyawo mumachitha, jambulani mawu a mphindi imodzi m'Chiyawo onena mfundo yomweyo, muwatumize limodzi ndi nkhaniyo, chifukwa ena amakonda kumvera kuposa kuwerenga. Ikanipo chithunzi chimodzi chimene mwajambula nokha, monga kontirola ikuonetsa 11.8. Nthawi yotulutsira igwirizane ndi vuto: nkhani ya kutentha ituluke mu Seputembala kapena Okutobala, ya mapanelo osadzadzitsa batire ituluke m'masiku a mitambo a dzinja. M'magulu a WhatsApp, yambani mwapempha woyang'anira gulu, ndipo musaitumize kawiri m'gulu lomwelo.

Podziwa ngati nkhani yagwira ntchito, musawerenge amene aikonda. Werengani amene atumiza zithunzi kapena kufunsa funso, ndipo aliyense woimba foni mumufunse kumene wapeza nambala yanu, muzilemba m'kope lomwe lija. Anthu akaikonda ambiri koma wofunsa palibe, kawirikawiri ndiye kuti mutu unali wotakata kwambiri kapena pempho la kumapeto silinamveke. Akamafunsa zimene mwayankha kale, yankho munalikwirira pakati, likwezeni pamwamba. Wofunsa muyankheni tsiku lomwelo. Ndipo mukaona kuti atatu afunsa ngati angathire madzi a pampopi m'batire, mwapeza mutu wa nkhani ya sabata yamawa, yofotokoza chifukwa chake m'batire mumathiridwa madzi a batire okha, osati a pampopi kapena asidi.